Mmene ndinakonzera ndime ya kalembera wa 1945 ndi 1966

M'nkhani yanga ya mbiri ya dziko la Malawi ndinalemba kuti anthu anachuluka kawiri chifukwa cha kubereka, popeza kalembera wa 1945 anapeza anthu pafupifupi 2.05 miliyoni pomwe wa 1966 anapeza 4.04 miliyoni. Kukayika kunandigwira nditawerengera kukula kwa chaka chilichonse. Kunatuluka 3.2 pa anthu 100 aliwonse, kuposa 2.9 ya pakati pa 1966 ndi 1977, chonsecho njala ya 1949 inagwa pakati pa 1945 ndi 1966.

Vuto linali loti ndinkayerekeza makalembera awiri osafanana. Nthawi ya atsamunda kulembedwa dzina kunkanunkha msonkho, choncho mwamuna amene anali asanakhome anali ndi chifukwa chozembera alembi. Ndinabwerera m'mbuyo kuchokera mu 1966 pogwiritsa ntchito kukula kwa 2.5 pa anthu 100 aliwonse pachaka, nambala yongoganizira ndekha, ndipo ndinapeza anthu 2.4 miliyoni mu 1945, kusiyana kwa pafupifupi 350,000.

Ndimeyo tsopano ikunena kuti chiwerengero cha 1945 n'chotsikitsitsa chimene tingavomereze, ndipo mbali ina ya kukulako ingachokere ku kuwerenga bwino kwa 1966 ndiponso kwa anthu olowa kuchokera ku Mozambiki. Nambala yanga yongoganizirayo ndinailemba poyera kuti ndi yanga.