Kupeza Deti Kuchokera ku Nambala ya Nthawi ya Unix

Nambala ya nthawi ya Unix imawerenga masekondi amene adutsa kuyambira pakati pa usiku, poyamba pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya UTC, yomwe ndi muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi. M'kawerengedwe kameneka tsiku lililonse lili ndi masekondi 86400 ndendende, n'chifukwa chake kugawa kumatheka. Tiyeni tiyesere ndi 1700000000.

Musanagawe, werengani madijiti. Masiku ano nambala ya masekondi imakhala ndi madijiti 10. Mukaona 13, amenewo ndi mamilisekondi, ndipo muyambe mwagawa ndi 1000.

Tsopano gawani ndi 86400. Mupeza masiku athunthu 19675 ndi masekondi otsala 80000. Otsalawo ndiwo nthawi ya pawotchi: kuwagawa ndi 3600 kukupatsani maola 22, kutsala 800, omwe ndi mphindi 13 ndi masekondi 20.

Ntchito yeniyeni ili pa masiku 19675 aja. Kuwagawa ndi 365 kukupatsani 53 ndi zotsala, choncho tiyesere chaka cha 2023. Kuchokera mu 1970 kufika kumayambiriro kwa 2023 ndi zaka 53, ndipo 53 × 365 ndi 19345. Koma zaka zina zimakhala ndi masiku 366. Lamulo lake ndi ili: chaka chimene chimagawika ndi 4 chimalandira tsiku la 29 Febuluwale, kupatula chogawika ndi 100, pokhapokha ngati chikugawikanso ndi 400. Motero 2000 inalandira, koma 2100 sidzalandira. Kuyambira 1972 mpaka 2020 zaka zoterezi zilipo 13, choncho masiku onse ndi 19358. Mukachotsa pa 19675, patsala 317. Chotsalachi chikafika pa kutalika kwa chaka, kapena chikatsika pansi pa ziro, ndiye kuti chaka mwachiphonya.

Kenako chotsani miyezi umodzi umodzi. Mu 2023, Januwale mpaka Okutobala ndi masiku 304, kutsala 13. Apa ndi pamene ambiri amagwa: amalemba 13 Novembala. Ayi, 13 ameneyu ndi masiku amene atha kale, tsiku limene tilimo ndi la 14. Kumbukirani kuti nambala 0 ikuimira 1 Januwale, choncho onjezerani 1 nthawi zonse. Yankho ndi 14 Novembala 2023, 22:13:20 UTC.

Chonde samalaninso ndi kusiyana kwa nthawi za madera. Ngati mukufuna deti la dera limene lili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, onjezerani masekondi 7200 musanagawe. M'chitsanzo chathuchi, 80000 ndi 7200 zikupitirira 86400, ndiye kumeneko kwalowa kale 15 Novembala, nthawi ili 00:13:20. Wongosintha maola n'kusiya deti amaphonya tsiku lathunthu.

Potsimikiza, gawani 19675 ndi 7, patsala 5. Popeza 1 Januwale 1970 linali Lachinayi, kuwerenga masiku asanu kutsogolo kukufikitsani pa Lachiwiri, ndipo kalendala ya 2023 ivomereza. Pa kompyuta ya Linux lembani:

```
date -u -d @1700000000
```