Momwe mungaikire mndandanda wa zosankha mu uthenga wamalonje pa WhatsApp popanda kutopetsa makasitomala

Amene amagulitsa malonda pa WhatsApp amadziwa momwe macheza ambiri amayambira. Munthu amalemba kuti "Mwadzuka bwanji" n'kukhala chete, kudikira kuti mumuyankhe kaye. Sakulakwa, ndi mwambo wathu kuti nkhani imayamba malonje akatha. Vuto n'lakuti ngati muli pakauntala mukupimira wina mbewu, malonjewo amatha kukhala ola lathunthu osayankhidwa, ndipo mukamadzafunsa kuti "Tikuthandizeni chiyani?" mwiniwake amakhala atazimitsa kale data. Mndandanda waufupi wa zosankha umathetsa vuto limeneli, chifukwa umabweza moni n'kumuonetsa munthu pomwepo zimene angafunse. Koma mndandanda womwewo umakwiyitsa munthu amene wanena kale chimene akufuna. Ntchito yonse yagona pa kusiyanitsa anthu awiriwa.

Titenge chitsanzo cha sitolo yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a mbewu pamalo amalonda, yomwe ikugwiritsa ntchito WhatsApp Business yaulere ya pafoni.

Poyamba, werengani zimene anthu amafunsa kale

Musalembe mndandanda kuchokera m'mutu. Tsegulani macheza 50 omaliza a makasitomala, mutenge pepala, ndipo pa macheza aliwonse mulembe zinthu ziwiri: funso loyamba lenileni limene munthuyo anafunsa, komanso ngati uthenga wake woyamba unali moni wokha kapena unali kale ndi funsolo.

Tiyerekeze kuti mwapeza motere: anthu 22 anafunsa mtengo, 11 anafunsa ngati katundu wakutiwakuti alipo, 8 anafunsa komwe sitolo ili ndi nthawi yotsekera, 5 anafunsa nambala yolipirira, ndipo 4 anali ndi nkhani zina, monga mbewu imene sinamere bwino. Mtengo ndi kupezeka kwa katundu ndi funso limodzi, chifukwa wofunsa mtengo wa Yuriya amafunanso kudziwa ngati alipo. Ziphatikizeni. Mwatsala ndi mitu itatu imene ikukwana anthu 46 mwa 50. Anthu anayi otsalawo musawapangire mzere wawowawo pa nkhani iliyonse. Iwowa amangofunika khomo lolankhulira ndi munthu.

Chiwerengero chachiwiri chija ndicho chimakuuzani ngati mndandanda ukufunika n'komwe. Ngati ambiri amayamba ndi moni wokha, uikeni. Ngati ambiri amafika ndi funso lathunthu, monga "NPK wa 50kg ndi zingati", mndandanda udzakhala chopinga kwa anthu ochuluka kuposa amene udzawathandize, ndipo kuli bwino kungoika moni wa mzere umodzi wonena nthawi imene mumayankha.

Chachiwiri, lembani uthengawo

Moni ukhale patsogolo, ndipo ukhale woti sudalira nthawi. Uthenga wodzitumiza wokha sudziwa ngati kuli m'mawa kapena madzulo, choncho "Mwadzuka bwanji" wofika 4 koloko masana amaonetseratu kuti palibe munthu kumbuyo kwake. Sudziwanso ngati walembayo ndi bambo kapena mayi, ndiye musaikemo mawu amenewa. "Takulandirani" amakwana nthawi iliyonse, kwa aliyense.

```
Takulandirani, zikomo potilembera.
Mungayankhe ndi nambala:
1. Mitengo ndi katundu amene alipo
2. Komwe tili ndi nthawi yotsegula
3. Kalipiridwe (Airtel Money, Mpamba)
Ngati muli ndi funso lina, ingolembani
kapena tumizani uthenga wa mawu.
Ngati mwafunsa kale, musabwereze,
tikuyankhani posachedwa.
```

Mizere iwiri yomalizayo ndi imene anthu ambiri amaiwala, pomwe ndi imene imachotsa mkwiyo. Tibwereranso pa iyo.

Chofunsidwa kwambiri chikhale nambala 1. Mzere uliwonse unene chimene kasitomala akufuna, m'mawu amene iye amanena, osati mayina a magawo a bizinesi yanu. Mlimi safuna "dipatimenti ya zogulitsa", amafuna mtengo wa feteleza wobereketsa. Pewaninso mizere iwiri yofanana, monga "Mitengo" ndi "Katundu wathu", chifukwa munthu amaima kuganiza kuti funso lake likugwera pati, ndipo akaganiza nthawi yaitali amangolemba "Hello" kachiwiri.

Zosankha zikhale zitatu, zikachuluka zinayi. Uthenga wonse uoneke pa sikirini ya foni yaing'ono popanda kutsitsa. Ngakhale makampani akuluakulu amene amagwiritsa ntchito WhatsApp Business Platform, yomwe imalola mabatani odina, amaloledwa mabatani oyankhira atatu okha pansi pa uthenga woyankha kasitomala, lililonse la zilembo zosapitirira 20, ndipo mndandanda wotsegula sungapitirire mizere 10. Malire amenewa ndi muyezo wabwino ngakhale kwa inu amene mukulemba manambala pamanja.

Manambala ali ndi ubwino wake kuno kwathu. Aliyense amene anatumizapo ndalama pa `*211#` kapena `*444#` anazolowera kale kusankha 1, 2, 3, moti simufunika kumuphunzitsa.

Chachitatu, uikeni pafoni ndipo musankhe oulandira

Mu WhatsApp Business lowani pa `Business tools`, musankhe `Greeting message`, muyatse `Send greeting message`, kenako mulembe uthenga wanu. Musatuluke musanaone pa `Recipients`. Apa ndi pamene pamalakwika zambiri.

Uthengawu umapita kwa munthu amene wakulemberani koyamba, komanso kwa amene wakulemberani patadutsa masiku 14 musanachezerane. Tanthauzo lake n'lakuti mukasiya pa `Everyone`, kasitomala amene wakhala akugula kwa inu zaka zisanu, amene mumadziwa mudzi wake ndi kukula kwa munda wake, akangokhala milungu itatu osalemba adzalandira "Takulandirani, mungayankhe ndi nambala" ngati mlendo. Ngati nambalayo ndi yomwenso abale anu amakupezerani, uthenga wa maliro udzayankhidwa ndi mitengo ya feteleza. Sankhani `Everyone not in address book`, ndipo muzisunga manambala a makasitomala okhazikika m'foni. Mukatero mndandanda umapita kwa alendo okha, omwe ndi amene sadziwa zimene mumagulitsa.

Kumbukiraninso kuti uthengawu umatuluka pokhapokha foni yanu ili pa intaneti. Bandulo ikatha, palibe chimene chimapita.

Chachinayi, konzani mayankho musanayatse mndandanda

Mfundo iyi ndiyo imagwetsa anthu ambiri. `Greeting message` imatumiza moni basi. Kasitomala akayankha "1", uthenga wamalonjewo sumutumizira mitengo, pamafunika munthu woti aone nambalayo n'kuyankha. Koma kasitomalayo, poti anazolowera za Mpamba zimene zimayankha nthawi yomweyo, amayembekezera yankho m'masekondi ochepa. Akasankha 1 n'kukhala mphindi makumi atatu osamva kanthu, amakhumudwa kuposa akadangopereka moni n'kudikira, chifukwa tsopano wachita zimene munamuuza ndipo inu simunachite mbali yanu.

Pa nambala iliyonse konzerani yankho lake mu `Quick replies`, yomwe ilinso pansi pa `Business tools`. Yankho lililonse mumalipatsa chidule, mwachitsanzo `/mitengo`, `/malo` ndi `/kulipira`. Mukalemba `/` m'macheza, mayankhowo amaoneka ndipo mumangosankha. Yankho la mitengo liyambe ndi tsiku, monga "Mitengo ya lero, 14 Novembala", kuti amene adzabwere nalo patatha mwezi asadzakutsutseni pakauntala. Yankho la malo litchule chizindikiro chimene wobwera pa kabaza angachione, monga chigayo kapena sitolo yoyandikana nayo. La kalipiridwe likhale ndi nambala pamodzi ndi dzina limene lidzaoneke munthu akamatsimikiza ndalama, kuti asaope kuti akutumiza kwa wakuba.

Ngati mukudziwa kuti simungayankhe msanga, nenani mu uthengamo nthawi yeniyeni, monga "Timayankha kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo", m'malo mwa "posachedwa". Za usiku ikani mu `Away message`, uthenga wodzitumiza wokha nthawi imene simukugwira ntchito.

Pamene mndandanda umakwiyitsa

Uthenga wamalonje suwerenga zimene kasitomala walemba. Wina akalemba kuti "Ndikufuna matumba atatu a NPK ndi mbewu ya chimanga ya 10kg, ndibwera ndi ngolo mawa", amalandira mndandanda womwewo ngati amene wangoti "Bho". Kwa iye zimamveka ngati walankhula kwa munthu amene sakumvetsera. Ena amaganiza kuti uthenga wawo sunawerengedwe, ndiye amasankha 1, inu n'kuwatumizira mitengo yonse, funso lawo la ngolo n'kukwiririka. N'chifukwa chake mzere wakuti "Ngati mwafunsa kale, musabwereze" uyenera kukhalapo. Ndipo inu mukamayankha, werengani uthenga woyamba wa munthuyo musanaone nambala imene wasankha. Munthu amene wafunsa kale musamuuze kuti "Sankhani nambala kaye".

Wodandaula naye safuna mndandanda. Mlimi amene mbewu yake sinamere amabwera mtima uli m'mwamba, nthawi zambiri ndi chithunzi cha munda kapena uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri. Musamuyankhe ndi yankho lokonzeratu. Mlembereni ndi manja anu, mumutchule bambo kapena mayi monga mmene mungachitire ali pamaso panu, mumufunse tsiku limene anagula, tsiku limene anadzala ndi nambala imene ili pathumba la mbewuyo.

Pewaninso mndandanda wobereka mndandanda wina. Munthu akasankha 1, alandire mitengo, osati funso lina lakuti "1. Feteleza 2. Mbewu 3. Mankhwala" lotsatiridwa ndi "1. Wokulitsa 2. Wobereketsa". Ngati katundu ndi wochuluka, tumizani mitengo ya zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene zikuyenda kwambiri nyengo imeneyo, n'kuwonjezera kuti "Ngati chimene mukufuna palibe apa, tiuzeni dzina lake."

Chomaliza, yesani ndipo muzisintha ndi nyengo

Bwerekani foni imene nambala yake simunasunge, mudzilembere moni, muone ngati uthenga wonse ukukwana pa sikirini. Kenako patsani munthu wachikulire amene sadziwa za sitoloyo kuti awerenge, mumufunse kuti ngati akufuna mankhwala a anankafumbwe asankha nambala iti. Akazengereza, mawu a mzerewo ndi amene ali olakwika.

Pakatha milungu iwiri werenganinso macheza atsopano. Nambala imene palibe akuisankha ichotseni. Funso limene likubwera mobwerezabwereza kunja kwa mndandanda lilowe m'malo mwake. Ngati anthu ambiri akungonyalanyaza manambala n'kulemba funso lawo, musawakakamize, fupikitsani uthengawo ukhale moni ndi nthawi yoyankhira.

Mu sitolo ya zaulimi zofunsidwa zimayenda ndi mvula. Okutobala ndi Novembala anthu amafuna mbewu ndi feteleza wokulitsa, Disembala ndi Januwale amafuna Yuriya ndi mankhwala a mbozi za m'chimanga, ndipo Meyi ndi Juni amafunsa za mankhwala osungira chimanga ndi matumba. Pa nyengo iliyonse lembani mzere woyamba motchula katundu wa nthawiyo, monga "1. Mitengo ya mankhwala osungira chimanga ndi matumba", ndipo tsiku lomwelo musinthe `/mitengo` kuti zigwirizane.