OHSS: Malangizo kwa Amayi Amene Akubayidwa Jakisoni Wothandiza Kubereka

Jakisoni wokhwimitsa mazira, makamaka womaliza uja wa hCG, nthawi zina amagwira ntchito mopyola muyezo. Matumba a mazira amatupa, mitsempha ya magazi imayamba kudontha, ndipo madzi amasonkhana m'mimba, mwinanso pachifuwa. Magazi otsala m'mitsempha amalimba, n'chifukwa chake amatha kuundana, impso n'kusowa madzi. Pa pepala lanu la kuchipatala vutoli limalembedwa OHSS. Limakonda amayi osakwana zaka 30, amene anauzidwa kuti ali ndi vuto la timatuza tambiri m'matumba a mazira lotchedwa PCOS, ndi amene anachotsedwa mazira 20 kapena kuposa.

Kutupikana pang'ono, nseru ndi kupweteka kwa pachinena n'zofala, ndipo zimatha zokha. Imwani madzi monga mwa ludzu lanu, ululu muuchepetse ndi panado. Bulufeni ndi dayikulofenaki ayi, ngakhale wa pagolosale atakuuzani kuti ndiye amphamvu, chifukwa amapweteka impso zimene zili kale pa mavuto. Musagone tsiku lonse, muziyendayenda pakhomo. Koma kusinja, kusenza ndowa ndi kukhala malo amodzi ndi bambo ziyambe zaima, popeza thumba lotupa limatha kupotokola kapena kuphulika.

Kwerani sikelo m'mawa uliwonse, ndipo muzilemba. Tinene kuti Lolemba munali makilo 62, Lachiwiri mwafika 63 ndi theka, siketi ya dzulo yakana kutsekeka, ndipo mwakodza kawiri kokha, mkodzo wochepa wooneka ngati tiyi wopanda mkaka. Kumeneko si kunenepa. Kukwera kopitirira kilo 1 pa maola 24 ndi madzi, ndipo mkodzo wosakwana lita 1 pa tsiku ukusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Imbirani adokotala anu tsiku lomwelo.

Izi nazo si zoimbira foni, n'zothamangira kuchipatala ngakhale pakati pa usiku: kubanika makamaka mukagona chagada, kupweteka pachifuwa, kusanza kosalekeza, mimba yolimba yopweteka kwambiri, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kapena mutu woopsa ndi maso kuchita chidima.

Chenjezo lapadera lipite kwa inu ochokera ku Zambia amene mumabwerera kwanu mukangomaliza chithandizo. Vutoli limabwera pawiri. Loyamba limaoneka m'masiku 7 chibayireni hCG. Lachiwiri limayamba pakatha masiku 10 kapena kuposa, pamene mimba yagwira, ndipo limakhalitsa. Ndiye kuti likhoza kukupezani mutadutsa kale pa malire a Mwami. Ngati zizindikiro zayamba muli ku Lilongwe kuno, musakwere basi, pitani ku Kamuzu Central. Zikakupezani kwanu, pitani ku chipatala chachikulu monga Chipata Central, osati ka kiliniki ka pafupi.

Pofika nenani msanga kuti munabayidwa jakisoni wa mazira, tsiku lake, ndipo onetsani mapepala, apo ayi adzayamba kufufuza malungo nthawi ikupita. Mukagonekedwa yembekezerani dilipi, kuyezedwa magazi ndi mkodzo, jakisoni wa hepalini woletsa magazi kuundana, ndipo madzi akachuluka amawakoka m'mimba ndi kapaipi. Mapiritsi okodzetsa musamwe mwa nokha, amawonjezera kulimba kwa magazi.