Kukana pempho la kukwezedwa popanda kufooketsa munthu

Mlembi wathu atapempha kukhala woyang'anira ofesi, sindinamuyankhe pa kalata. Tinakhala pansi awiriwiri, ndipo yankho ndinalinena poyambirira: "Achimwene, chaka chino sizitheka." Kuzungulira kumangopweteka kawiri.

Sindinanamizire kusowa kwa ndalama, chifukwa bodza lotere limaululika tsiku limene mnzake wakwezedwa. Ndinawauza chenicheni: ntchito yawo ndi yosamala, koma sanatsogolerepo anthu. Atadandaula, ndinangomvetsera osadziteteza.

Kenako ndinawapatsa udindo wophunzitsa antchito awiri atsopano, ndipo tinalemba zoyenera kuoneka komanso tsiku lodzakambirananso. Sindinalonjeze mpando.

Ndinkayang'anitsitsa ngati asiya kuyankhula pamisonkhano, poti wofooka amayamba ndi kukhala chete. Sanasiye.