Neti ya udzudzu muziyang'ana ulusi musanagule

Amene mukugula neti pamsika kapena mwalandira ku sikelo, werengani kaye pa chikwama chake. Ikalembedwa polyester, ndi yofewa ija, ndipo mankhwala ake amangomatidwa kunja kwa ulusi. Ya polyethylene ndi yokhakhala ngati ukonde wa asodzi, koma mankhwala ali mkati mwa ulusi ndipo amatuluka pang'onopang'ono. Ine ndimakonda yachiwiriyi pogona pa mphasa, chifukwa bango likaikola siing'ambika msanga.

Pa polyester onaninso nambala ya denier, yosonyeza kunenepa kwa ulusi: 100 ndi yolimba kuposa 75. Timabowo take timakhala pafupifupi 156 pa sikweya inchi. Tikachepa kukula, usiku wa mu Okutobala mumavutika ndi thukuta.

Mankhwala amayenera kutha zaka 3 kapena kuchapa ka 20, koma m'nyumba zathu amafulumira kutha tikamachapa ndi sopo wa ufa nkuyanika padzuwa. Chapani ndi sopo wamtanda m'madzi ozizira, osafikisa kwambiri, muyanike pamthunzi. Mukaona udzudzu ukutera pa neti nkukhala phee mpaka m'mawa osafa, mwina mphamvu yatha, funani ina.