Lipoti lasonyeza kuti lapita koma ena sanalandire

"Lipoti la Lolemba lililonse likusonyeza Sent koma anthu awiri akuti sakulandira, ndidziwa bwanji kuti lafikadi?"

Mufunika kulowa mu akaunti imene imatumiza lipotilo komanso malogi a seva ya maimelo, kapena adimini amene angakuonetseni.

1. Onani mu pulogalamu ya malipoti ngati ntchitoyo inayendadi pa nthawi yake, nthawi zina lipoti limakanika kupangidwa ndiye palibe chimene chinatuluka.

2. Sakani adiresi ya wodandaulayo m'malogi. Mukaona `status=sent` ndi `250` ndiye kuti seva yawo inalandira. Apa ndi pomwe ambiri amanamizika, Sent ya mu pulogalamu ya malipoti yokha ikungotanthauza kuti imelo yachoka kwanu basi, ngakhale `250` sikutanthauza kuti ili mu Inbox, auzeni ayang'ane mu Spam.

3. Tsegulani bokosi limene maimelo obwerera amafikirako, kawirikawiri ndi la `noreply` lija palibe amalitsegula.

4. Werengani khodi imene ili mu imelo yobwererayo kapena m'malogi. Yoyamba ndi 4 ndi vuto lakanthawi, seva iyesanso yokha, musafufute munthu. Yoyamba ndi 5 ndiye yakanidwa basi. `550 5.1.1` adiresiyo kulibe, mwina munthuyo anasiya ntchito kapena munailemba molakwika, ikonzeni kapena ichotseni pa listi, kumangotumiza komweko kumachititsa kuti maseva azikuonani ngati sipamu. Koma `5.7.1` musathamangire kuchotsa, nthawi zambiri vuto ndi lanu, onani SPF ndi DKIM, zimene zimatsimikizira maseva ena kuti imelo yachokeradi kwa inu.

5. Tumizaninso pamanja kwa awiriwo okha, kenako onaninso malogi.