Ikani chizindikiro cha malonda poyambirira penipeni

Kampani ikakupatsani ndalama, kapena kungokutumizirani mafuta odzola aulere kuti muwaonetse pa Instagram, musabise #ad, chizindikiro choti izi n'zotsatsa malonda, kumapeto kwa mahashitagi ambirimbiri. Instagram imadula mawu ataliatali, otsalawo amaoneka pokhapokha munthu akadina "more", ndipo ambiri sadina. Mukatero, mwaulula koma palibe waona.

Ine ndimachita chonchi. Mzere woyamba uzinena zoona mwachindunji: "#ad Mafuta awa andipatsa ulere ndi a kampani yakutiyakuti, ndipo andilipira kuti ndikuonetseni." Kenaka yatsani chizindikiro cha "Paid partnership" ndi kusankha dzina la kampaniyo, kuti chizioneka pansi pa dzina lanu. Chitani zonse ziwiri, chifukwa bungwe la FTC, loteteza ogula ku Amerika, limanena kuti chizindikiro cha pulatifomu pachokha mwina sichingakwanire. Ngati ndi kanema, nenaninso ndi pakamwa koyambirira, poti ena mawu apansiwo sawawerenga n'komwe.

Pewani #sp, #spon, #collab kapena kungolemba "zikomo a kampani". Mawu amenewa sauza munthu wamba kuti pali ndalama zadutsa, ndipo kuthokozako ndiye kumasokoneza kwambiri, wina angaganize kuti mwangokondwera ndi katundu amene munagula nokha. Anzathu okhala ku Britain dziwani kuti bungwe la ASA, loyang'anira zotsatsa malonda kumeneko, limatchula poyera maina a obwerezabwereza kubisa malonda.

Linki yomwe mumapeza nayo komishoni munthu akagula nayonso ndi malonda. Lembani pambali pake pomwepo kuti mumapezapo kangachepe.